Kodi umphawi wa alimi a ku Angonia tiuyeze ndi chiyani?

Funso: Aphunzitsi, ndine wophunzira zaulimi ku Ulongwe, ndipo ndikulemba kafukufuku womalizira maphunziro anga. Ndikufuna kuonetsa kuti mabanja olima fodya wa ngongole ya kampani kuno ku Angonia sali pa umphawi ngati mabanja olima chimanga ndi mbatatesi zokha. Amene akundiyang'anira anandibwezera pepala, akuti ndiyambe ndanena kuti umphawi ndiuyeza bwanji. Komatu wosauka tonse timamudziwa tikangomuona. Kodi ndiyambire pati?

Yankho: Achimwene, yambani ndi kulemba lamulo limodzi lalifupi, loti anthu awiri osadziwana atalitenga n'kulowa nalo pakhomo limodzi, aliyense tsiku lake, onse atulukepo ndi yankho lofanana. Lamulolo linene kuti mukufunsa ndani, mukufunsa chiyani, za nyengo iti, ndiponso yankho lotani limene lidzaika banja kumbali ya osauka. Mulilembe musanafike pakhomo lililonse. Chifukwa chake n'chakuti inu muli nalo kale yankho limene mtima wanu ukufuna, ndipo mukayamba ndi kuyenda m'midzi, maso anu adzasankha okha zizindikiro zokomera alimi a fodya, inu osazindikira n'komwe. Muyezo wabwino ndi umene ungathe kukutsutsani. Ngati palibe zotsatira zilizonse zimene zingakuchititseni kulemba kuti alimi a fodya ndiwo akuvutika kwambiri, ndiye kuti simunayambe kuyeza.

Tione kaye mmene boma limachitira, chifukwa amene adzawerenge pepala lanu adzakufunsani chifukwa chake simunatsate njira imeneyo. Ofesi ya boma la Mozambiki yoona za chiwerengero, INE, imayenda m'makomo ndi kafukufuku wa zimene mabanja amadya ndi kugula. Woyamba unachitika mu 1996/97, ndipo masiku ano umatchedwa IOF. Akatswiri amayamba ndi chakudya chimene munthu mmodzi amafunikira patsiku, pafupifupi makalore 2,150. Kenako amaona zakudya zimene anthu osauka a chigawocho amadyadi, n'kuwerengera mtengo wa chakudya chokwanira makalore amenewo, n'kuwonjezerapo kandalama ka sopo, zovala ndi zina zotero. Ndalama imene yatulukayo ndiyo mzere wa umphawi. Banja limene zonse zimene limadya ndi kugwiritsa ntchito, zikagawidwa kwa anthu a m'banjamo, sizifika pa mzerewo, limawerengedwa losauka. Chimanga chochokera m'nkhokwe yawo chimaikidwa mtengo ngati kuti achigula. Mizereyi m'dziko muno ilipo 13, chifukwa mitengo ya zinthu imasiyana. Tete amaphatikizidwa ndi Manika, ndipo pali mzere wa kumidzi ndi wina wa m'tauni.

Mfundo imodzi yokha mutengepo apa. Kafukufuku wa 2008/09 atatuluka, zinalengezedwa kuti anthu 54.7 pa 100 alionse m'Mozambiki ndi osauka. Patapita zaka, akatswiri atakonzanso njira yowerengera, chaka chomwecho chinapatsidwa 51.7. Palibe banja limene linabwerera m'mbuyo kukadya mowonjezera mu 2008. Chinasintha ndi lamulo la kawerengedwe. Chimodzimodzinso Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, mzere wake unali dola 1.90 patsiku, mu 2022 unakhala 2.15, ndipo mu 2025 unafika madola 3. Nambala ya umphawi nthawi zonse imayenda ndi lamulo limene linaibala, ndipo aliyense woitchula ayenera kutchulanso lamulolo.

Njira ya boma ndi yabwino, koma inu nokha simungaikwanitse. Imafuna kuti wofunsa abwere pakhomo kangapo, alembe chilichonse chimene chalowa mumphika kwa masiku otsatizana, ayeze mbale ndi milu ya pamsika kuti adziwe makilogalamu, ndiponso aziyenda chaka chonse kuti nyengo yokolola ndi ya njala zilowemo zonse. Mukaichita mwachidule, mwa kufunsa kuti banja limawononga ndalama zingati pamwezi, mudzapeza nambala zimene anthu angokuganizirani kuti muchoke.

Ndikudziwa kuti maganizo anu ali pa ndalama zimene banja limapeza, pakuti m'pamene alimi a fodya amaonekera. Pa funso lanuli, muyezo umenewu ndi wokondera. Ndalama za fodya zimabwera pamodzi m'nyengo yogulitsa, zili ndi mapepala, ndipo mlimi amazikumbukira bwino. Ena adzakuuzani ndalama yonse ya mabelo asanachotse ngongole ya feteleza ndi mbewu, ndipo pafupifupi onse adzaiwala zimene analipira aganyu, udzu ndi mitengo ya chigafa. Mayi wogulitsa nyemba, tomato ndi mbatatesi pang'onopang'ono pa tsiku la msika, lero ndi mametikali, mawa ndi makwacha akapita kumalire a Kalomwe, sangakuwerengereni za chaka chonse, ndipo chimanga chimene banja lake ladya sachiona ngati ndalama. Mukatero mudzakweza mbali imodzi n'kutsitsa inayo, ndipo zotsatira zidzagwirizana nanu chifukwa cha kafunsidwe chabe.

Malata, njinga yamoto ndi wailesi ndi zosavuta kuwerenga chifukwa mumaziona nokha. Koma zimakuuzani za chaka chabwino chimene chinapita. Nyumba imene inafoleredwa malata zaka zisanu zapitazo imakhalabe ya malata ngakhale chaka chino m'nyumbamo akugona ndi njala. Zokolola za chimanga nazo zili ndi msampha wake. Matumba 20 a makilogalamu 50 pa banja la anthu 9 ndi makilogalamu pafupifupi 111 munthu aliyense, pamene matumba 9 pa banja la anthu atatu ndi makilogalamu 150 munthu aliyense, choncho nkhokwe yaikulu ikhoza kukhala ya banja limene chakudya chidzathe msanga. Zimenezi mungazikonze mwa kugawa. Chimene simungakonze n'chakuti mlimi wa fodya mwadala amachepetsa munda wa chimanga, akudalira kudzagula. Mukayeza ndi zokolola, mwakondera mbali inayo.

Ine ndikanakhala inu ndikanasankha miyezi ya njala, kutanthauza miyezi ingati mwa miyezi 12 yapitayi imene banja linasowa chakudya chokwanira. Muyezo umenewu si watsopano, mabungwe oona za chakudya akhala akuugwiritsa ntchito m'mayiko ambiri. Ubwino wake pa nkhani yanu ndi wakuti susamala kuti chakudyacho chinachokera m'nkhokwe kapena pamsika. Umafunsa chimene chinafika pa mphika. Ngati ndalama za fodya zimateteza banja, zionekera mu Januwale ndi Febuluwale. Ngati zimatha mu Okutobala, zionekeranso.

Koma mawu akuti chakudya chokwanira akadali otakasuka, ndipo apa m'pamene pali ntchito yeniyeni. Banja lozolowera tiyi wa mkaka m'mawa lidzati silinadye mokwanira tiyiyo akasowa, pamene banja lozolowera kuvutika lidzati zinali bwino ngakhale linkadya kamodzi. Muyenera kumangirira mawuwo pa chinthu chowerengeka. Mwachitsanzo mungalembe kuti mwezi uwerengedwa wa njala ngati m'mwezi umenewo munali masiku 7 kapena kuposerapo pamene banja linaphika chakudya chokhutitsa kamodzi kokha patsiku, kapena silinaphike n'komwe, chifukwa chakuti chakudya kapena ndalama yogulira panalibe. Chigawo chilichonse cha chiganizochi chili ndi ntchito yake. Masiku 7 alipo kuti tsiku limodzi limene chigayo chinawonongeka lisasandutse mwezi wonse kukhala wa njala. Mawu akuti chifukwa chakuti panalibe alipo kuti musawerengere masiku a maliro, a kusala kudya kwa kutchalitchi, kapena pamene onse anatandala kumunda.

Chakudya chokhutitsa nachonso muchilembe mayina. Kwathu kuno munthu amene wadya mbatatesi mbale yodzaza akhoza kukuuzani kuti lero sanadye, chifukwa nsima sanaione. Ku Tsangano ndi mbali zina za Angonia kumene mbatatesi ndi zambiri, mukasiya funsolo lotseguka mudzawerengera alimi a mbatatesi njala imene analibe. Ndiye lembani kuti nsima, mpunga, mbatatesi, mbatata ndi chinangwa zophikira banja lonse zikuwerengedwa, koma phala lamadzimadzi, mango ndi masamba okhaokha sizikuwerengedwa. Pa maungu ndi chimanga chachiwisi cha mu Malichi musankhe nokha mbali, koma mulembe chisankho chanucho ndipo muchitsate pakhomo lililonse. Wina akhoza kukutsutsani pa maunguwo, ndipo zimenezo n'zabwino, chifukwa mudzakhala mukutsutsana pa chinthu chooneka, choti mukhoza kuwerengeranso mwa njira yakeyo n'kuona ngati zotsatira zikusintha.

Banja nalonso lifunika lamulo. Tengani anthu odyera mphika umodzi masiku ambiri. Bambo wa mitala amene fodya wake amalimidwa ndi akazi awiri, aliyense ndi khitchini yake, ameneyo ndi mabanja awiri, ndipo si zachilendo kuti nyumba imodzi idye bwino inayo ikuvutika. Agogo okhala m'kanyumba kawo koma olandira mbale kuchokera kwa mwana wawo ali m'banja la mwanayo. Aganyu ogonera pa fodya nyengo yonse muwalembe padera, musawasakanize ndi banja la mwini munda. Ndipo wofunsidwa akhale amene amaphika ndi kutapa m'nkhokwe, amene nthawi zambiri ndi mayi. Bambo amadziwa mabelo, mayi amadziwa tsiku limene ufa unatha.

Anthu sakumbukira miyezi monga ilili pa kalendala, choncho muyende nawo chakacho ndi zochitika. Yambani pa kukolola kwa chaka chatha, mubwere pa nthawi yogulitsa fodya, ya kusosa ndi kugalauza, mvula yoyamba ndi kubzala, Khirisimasi, kupalira, kubandira, kufikira chimanga chachiwisi ndi Pasaka. Ikani timiyala kapena njere 12 pansi, pa iliyonse mufunse funso lomwe lija mwa mawu omwewo. Nthawi yabwino yofunsa ndi Epulo kapena Meyi, njala itangotha kumene, anthu akuikumbukira bwino. Chofunika koposa n'chakuti magulu onse awiri muwafunse m'masabata omwewo. Mukafunsa alimi a chimanga mu Febuluwale mimba zili pululu, alimi a fodya n'kudzawafunsa mu Julaye ndalama zili m'thumba, kusiyana kumene mudzapeze kudzakhala kwa miyezi imene munayendera. Mulembenso chaka chake momveka, pakuti chaka cha chilala ngati cha 2023/24 sichingayerekezedwe ndi chaka cha mvula yabwino.

Tsopano pakufunika mzere. Ndi miyezi ingati ya njala imene ipangitse banja kuwerengedwa losauka? Tinene kuti mwasankha miyezi itatu kapena kuposerapo, pa chifukwa chakuti mwezi umodzi kapena iwiri chimanga chisanache imakhudza mabanja ambiri, koma itatu ikutanthauza kuti njala inayamba nthawi yopalira, pamene banja limasiya munda wake kukagwira ganyu m'minda ya ena, zimene zimachepetsanso zokolola za chaka chotsatira. Chimenecho ndi chifukwa chomveka, ndipo muchilembe musanaone mayankho.

Kuti muone mmene mzere umagwirira ntchito, tiyerekeze ndi nambala zongopeka, mabanja khumi mbali iliyonse. Olima fodya ayankha miyezi iyi: 0, 0, 0, 1, 1, 2, 2, 3, 5, 6. Osalima fodya ayankha iyi: 1, 1, 2, 2, 2, 2, 3, 3, 3, 3. Ndi mzere wa miyezi itatu, osauka ndi mabanja atatu mwa olima fodya ndi anayi mwa osalima. Maganizo anu aoneka ngati apambana, ngakhale ndi banja limodzi lokha. Mukatsitsa mzere kufika pa miyezi iwiri, osauka akhala asanu mwa olima fodya ndi 8 mwa osalima, ndipo mungakondwere kwambiri. Koma kwezani mzerewo kufika pa miyezi inayi. Tsopano mwa olima fodya muli mabanja awiri osauka, mwa osalima mulibe ndi limodzi lomwe. Mayankho ndi omwewo, koma chigamulo chatembenuka.

Apa wophunzira wosakhulupirika amasankha mzere wa miyezi iwiri n'kubisa inayo. Inu muonetse mizere yonse itatu, chifukwa kutembenukako ndiko nkhani yeniyeni ya nambalazi. Mukaphatikiza miyezi yonse, olima fodya ali ndi 20 ndipo osalima ali ndi 22, kutanthauza miyezi 2.0 ndi 2.2 pa banja, zimene zili pafupifupi zofanana. Kusiyana kuli pa kamwazikidwe. Osalima fodya onse ali pakatikati, palibe wopulumukiratu njala ndipo palibe womira kwambiri. Olima fodya agawanika, atatu sanaione njala n'komwe, awiri anavutika pafupifupi theka la chaka. Zotsatira zotere zikanatuluka m'kafukufuku weniweni, mfundo yanu ikanasintha kukhala yakuti fodya amakweza ena n'kugwetsa ena kwambiri, ndipo funso lotsatira likanakhala lakuti awiri aja chinawachitikira n'chiyani: kodi matalala anawononga masamba, kodi fodya wawo anagulidwa pa giredi yotsika, kapena ngongole inadya zonse? Pepala loyankha zimenezo ndi lothandiza kwambiri alimi kuposa longonena kuti mbali iyi yapambana.

Chitsanzochi chikuonetsanso chofooka cha kungowerenga mitu ya osauka. Banja la miyezi itatu ndi banja la miyezi 6 onse amawerengedwa mofanana, ngati kuti mavuto awo ndi amodzi. N'chifukwa chake akatswiri a zachuma Foster, Greer ndi Thorbecke mu 1984 anakonza njira yoyezera kuzama kwa umphawi, osati kuchuluka kwa osauka kokha. Inu simukufunika masamu awo onse. Ingonenani kuti mwa mabanja amene ali pa mzere kapena kupitirira, miyezi yawo ya njala ndi ingati. Pa chitsanzo chathu, osauka anayi osalima fodya onse ali pa miyezi itatu, pamene osauka atatu olima fodya ali pa 3, 5 ndi 6. Owerenga adzaona okha kuti osauka a mbali ya fodya ndi ochepa koma njala yawo ndi yaitali.

Musanakhulupirire muyezo wanu, uyeseni pa mudzi umene sudzalowa m'kafukufuku. Pali mayeso awiri. Oyamba ndi oona ngati muyezowo ukukhazikika. Funsani mabanja pafupifupi 15, ndipo patapita sabata mnzanu akafunsenso mabanja omwewo asanaone mayankho anu. Ngati ambiri akusiyana ndi miyezi iwiri kapena kuposerapo, funso lanu silikumveka mofanana, ndipo mulikonze. Achiwiri ndi oona ngati muyezowo ukuyezadi umphawi. Lembani mayina a mabanjawo pa timapepala, mupemphe anthu atatu odziwa mudziwo, aliyense payekha ndiponso mwamseri, kuti aunjike timapepalato milu itatu: opeza bwino, apakati ndi ovutika. Ngati mabanja amene onse atatu awaika pa mulu wa ovutika ndi omwewo amene ali ndi miyezi yambiri ya njala, muyezo wanu ukugwira chimene anthu a pamalopo amachitcha umphawi. Ngati sizikugwirizana, musathamangire kunena kuti anthuwo alakwitsa. Afunseni chifukwa chake. Mwina adzakuuzani za mayi wamasiye amene amadya ndithu chifukwa achimwene ake amamutumizira ufa, koma alibe munda, alibe mbuzi, ndipo tsiku limene achimwenewo adzasiye adzagwa. Pamenepo mwadziwa chimene muyezo wanu suona, ndipo muchilembe m'pepala.

Vuto limene limawononga kafukufuku wotere kawirikawiri ndi chiyembekezo cha thandizo. Munthu wachilendo akafika ndi kope n'kumafunsa za njala, anthu amaganiza kuti akulemba mayina a olandira chimanga kapena ndalama, ndipo palibe amene angawadzudzule poganiza choncho, pakuti zakhala zikuchitika motero. Mudzazindikira vutoli mukaona mabanja ambiri akutchula miyezi 8 kapena 10, kuphatikizapo Meyi ndi Juni pamene nkhokwe zili zodzaza, kapena mukaona kuti mayankho a tsiku lachitatu m'mudzi ndi okwera kuposa a tsiku loyamba, uthenga utayenda. Nenani poyera pamaso pa amfumu, ndiponso pakhomo lililonse, kuti ndinu wophunzira ndipo palibe chimene chidzagawidwe. Funsani munthu ali yekha, popanda amfumu kapena mlangizi wa kampani pafupi. Vuto lotembenuka liliponso: mlimi wa fodya akaganiza kuti mwatumidwa ndi kampani akhoza kubisa njala yake poopa kuti amuchotsa pa ngongole ya chaka chamawa. Pofuna kudziteteza, onjezani mafunso awiri a zinthu zochitika zimene anthu saziiwala: kodi wina wa m'banjamo anagwira ganyu yolipidwa chimanga kapena ufa, ndipo kodi munagulitsa mbuzi, nkhumba kapena katundu kuti mugule chakudya? Banja lonena miyezi 7 ya njala koma losachita chilichonse mwa izi, mulibwererenso.

Pa nkhani ya moyo wabwino, imene ophunzira ambiri amakonda kuiphatikiza ndi umphawi m'mutu wa pepala, ndikulangizani kuti muisiye pokhapokha mutaipatsa muyezo wakewake. Banja likhoza kudya chaka chonse, koma mayi akugona pakati pa usiku chifukwa chosoka fodya, ndipo ana akujomba kusukulu nthawi yothyola. Ngati zimenezi zikukukhudzani, ndipo ziyenera kutero, onjezani muyezo umodzi wokha, monga masiku amene mwana aliyense wa msinkhu wa sukulu anajomba m'masabata anayi a nthawi yothyola, ndipo ngati aphunzitsi alola muyerekeze ndi kaundula wa m'kalasi. Muuonetse pambali pa miyezi ya njala, musaziphatikize kukhala nambala imodzi. Njira yophatikiza ilipo, ya Sabina Alkire ndi James Foster, imene bungwe la United Nations loona za chitukuko, UNDP, lakhala likugwiritsa ntchito kuyambira 2010 ndi zizindikiro khumi za thanzi, maphunziro ndi kakhalidwe ka pakhomo. Koma kuphatikiza kumafuna kuti munene kulemera kwa chizindikiro chilichonse, kutanthauza kuti muweruze kuti mwezi umodzi wa njala ukufanana ndi masiku angati ojomba kusukulu. Chigamulo chimenecho si cha masamu, ndipo pa pepala lanu mulibe chifukwa chochisenzera. Nambala ziwiri zoima pazokha zimalola wowerenga kuona pamene fodya akuthandiza ndi pamene akulipiritsa.

Mabanja khumi aja anali ophunzitsira chabe. Pa khumi, kusiyana kwa banja limodzi kukhoza kutha mutangogogoda khomo lina. Yesetsani kufika mabanja 40 kapena 50 mbali iliyonse, m'midzi ingapo imene muli magulu onse awiri, kuti nthaka, mvula ndi mtunda wa kumsika zikhale zofanana. Musalole kuti wina akusankhireni makomo. Lembani mabanja onse a m'mudzimo mothandizidwa ndi amfumu, mupatse lililonse nambala, muchite maere. Mukapempha mlangizi wa kampani kuti akuperekezeni kwa alimi ake, adzakutengerani kwa amene amanyadira nawo, monga angachitire munthu aliyense.

Palinso lamulo lina limene simunaliganizire: kodi wolima fodya ndi ndani? Likuoneka losavuta, koma likhoza kusokoneza zonse. Taganizani za mlimi amene analima fodya zaka zitatu, chaka chachinayi ngongole inamukanika, kampani inamusiya, ndipo anagulitsa ng'ombe. Lero mukamufunsa adzati salima fodya, ndipo njala yake idzalembedwa kumbali ya alimi a chimanga, pamene inachokera ku fodya. Mukatero gulu la fodya limatsala ndi opambana okhaokha. Choncho funsani banja lililonse ngati linalimapo fodya wa ngongole m'zaka zisanu zapitazi, ndipo mukhale ndi magulu atatu: olima tsopano, amene anasiya, ndi amene sanalimepo. Gulu lapakatilo mwina ndilo lidzakuphunzitsani zambiri.

Ndipo ngakhale mutapeza kuti olima fodya ali ndi miyezi yochepa ya njala pa mizere yonse, samalani ndi mawu akuti chifukwa. Kampani sipereka ngongole mwa maere. Imakonda mlimi amene ali ndi munda wokwanira, anthu ogwira ntchito pakhomo ndi mbiri yobweza, ndipo banja lotere mwina silikanagona ndi njala ngakhale likanalima nyemba. Kuti muchepetse vutoli, lembani kukula kwa munda, chiwerengero cha akuluakulu ogwira ntchito, ndiponso ngati banjalo linali ndi ng'ombe kapena ngolo lisanayambe fodya, kenako muyerekeze ofanana ndi ofanana: a minda yaing'ono okhaokha, a minda yaikulu okhaokha. Ngati kusiyana kuja kwatha mutatero, ndiye kuti chimene munkaona chinali kukula kwa munda.

Mukabwerera kwa amene akukuyang'anirani, tengani tsamba limodzi lokhala ndi lamulo la banja, lamulo la mwezi wa njala ndi mndandanda wa zakudya, mzere wanu ndi chifukwa chake, mizere ina iwiri imene mudzayesere, magulu atatu a alimi, ndi mwezi umene mudzafunse. Mutu wa pepala nawonso uchepe kuti ufanane ndi chimene mudzayeze. M'malo mwa umphawi wa alimi a ku Angonia, unene za miyezi ya njala m'mabanja olima fodya, amene anasiya ndi amene sanalimepo, m'midzi yakutiyakuti, m'chaka chakutichakuti. Awapempheni asayine tsambalo ndi kulemba tsiku musanapite kumudzi woyamba, kuti pasadzakhale wonena kuti munasuntha mzere mutaona mayankho.